Musanagule chiwaya, funsani kaye komwe kuli madzi

Aliyense wofuna kuyamba geni ya chipisi amayamba ndi kufunsa mtengo wa chiwaya. Ine ndimati funso limenelo lizibwera pambuyo. Chiwaya mmisiri aliyense akhoza kukusulirani, koma malo oipa sakonzeka, ndipo malo oipa kwambiri ndi amene ali kutali ndi madzi.

Ambiri amangoona siteji ya minibasi pali chikhamu cha anthu, basi n'kuzika mitengo. Musatero. Khalani pamalopo masiku atatu, masana ndi madzulo, muziwerenga anthu amene akuima, osati ongodutsa. Wothamangira basi sagula chipisi. Amagula ndi wakabaza amene akudikira kasitomala, wogulitsa mumsika amene sangasiye benchi lake, ndi wochokera kuntchito dzuwa litapendeka. Onaninso komwe mphepo ikupita, chifukwa utsi ukamalowa m'shopu ya mnzanu, mkangano suchedwa. Kukhonsolo kapena kwa mkulu wa msika pitaniko musanamange. Kugwetseredwa shedi mpamba uli momwemo n'kowawa.

Mukatero yendani wapansi kuchoka pamalopo kukafika pa mpopi kapena mjigo. Tiyerekeze kuti mukusenda ndowa imodzi ya mbatata ya kachewere patsiku. Mufunika madzi otsukira mbatata isanasendedwe, ena oviikamo yodulidwa, ena a mbale, ena osamba m'manja. Zigubu zinayi za malita 20 zimatha mosavuta. Ngati ulendo umodzi ukutenga mphindi 20, ndiye kuti ola lathunthu ndi mphindi zina zapita, kapena mulipira wotunga tsiku lililonse. Apa m'pamene anthu amayamba kunyengerera madzi: beseni limodzi la m'mawa kutsukira mbale mpaka usiku, madzi atachita kuyera ndi mafuta. Si kuti munthuyo ndi wauve, koma malo amene anasankha akumukakamiza.

Zipangizo musachulutse. Chiwaya, chipande chobowola chovuulira, mipeni iwiri, thabwa lodulirapo, mabeseni atatu, ndowa ya mpopi ndi sopo pambali pake, basi mwayamba. Mipando ndi chikwangwani zidzabwera phindu likayamba kuoneka.

Ntchito yeniyeni imachitika kasitomala asanafike. Mbatata, kaya ndi ya ku Dedza kapena ku Ntcheu, sankhani yolimba, ndipo yobiriwira khungu kapena yomera ikani pambali chifukwa imawawa komanso imatha kupweteka m'mimba. Sendani, dulani mofanana kuti ipse pamodzi, n'kuiviika m'madzi oyera kuti isade. Musanaiponye m'mafuta, itsanuleni iume. Mbatata yonyowa imaziziritsa mafuta, chipisi n'kutuluka cholobodoka, chitamwa mafuta amene mwagula modula. Kazingani koyamba mpaka ifewe osafiira, n'kuikokera m'mbali mwa chiwaya. Kasitomala akabwera mubwezeremo yokwana mbale yake yokha, ifiire ali pompo. Mukatero mbatata yosenda siigona, ndipo munthu amadya chotentha.

Mafuta nawo amalankhula. Akayamba kuda, kuchita thovu, kapena kufuka utsi moto usanakule, atha ntchito. Kuthiramo atsopano pamwamba pake n'kungoononga atsopanowo. Madzulo aliwonse asefeni akazizira kuti tizidutswa topserera tichoke, muwasunge m'chigubu chotseka.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si chipisi ayi, chifukwa icho chadutsa pamoto. Ndi saladi. Kabichi ndi tomato zimapita m'kamwa zosaphika, zitadulidwa ndi dzanja lomwe langolandira ndalama. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, mmene inaphera anthu ndi mmene ogulitsa zakudya zophikaphika anavutikira. Choncho madzi otsukira saladi akhale othira kloriini monga mmene alangizi a zaumoyo amanenera, ndipo mudikire mphindi 30 musanawagwiritse ntchito. Dulani pang'onopang'ono, ya masana payokha, ya madzulo payokha, muvundikire kuopa ntchentche. Mpeni wa saladi usakhudze nyama yaiwisi ngati mumakazinganso nkhuku kapena chiwindi. Ndalama alandire wina. Ngati muli nokha, chakudya muzigwira ndi chipande, ndipo muzisamba ndi sopo musanayambe kudula.

Ena anena kuti malo a pafupi ndi madzi sakhala ndi anthu ambiri, ndipo nthawi zina n'zoona. Ngati malo abwino ali kutali ndi mpopi, atengeni, koma mtengo wa zigubu zinayi zija muulembe m'kope limodzi ndi wa mafuta, nkhuni ndi chiphaso cha msika musanaike mtengo wa mbale. Masamu akakana, kafuneni malo ena chiwaya chisanagulidwe.