Chithunzi cha pa chikwangwani chathu

Pokambirana za chikwangwani chatsopano, ena akuti tiikepo mwana wowonda atagwira mbale yopanda kanthu, poti chithunzi chotere chimafewetsa mitima ya otithandiza a kutsidya kwa nyanja. Ife tikukana. Chikwangwanicho chidzaima panjira ya kuchigayo, pamene amake a mwanayo amadutsa. Ndani angadzaphunzire ulimi pamalo pomuchititsa manyazi?

Ziwerengero za njala zilembedwe m'lipoti la opereka ndalama. Pamsewu tiikepo mayi ataima pankhokwe yake yodzaza, atavomera yekha kujambulidwa. Wothandiza adzaona chimene ndalama zake zabala, ndipo mnansi adzafunsa kuti mayiyo anabzala mbewu yanji. Chizindikiro chathu chikhale chimanga chimodzi cha utoto umodzi, kuti chizioneka bwino ngakhale chitadindidwa pathumba la mbewu. Mawu a Chinyanja akhale pamwamba, a Chingerezi pansi.