Tchulani Nokha Zimene Anthu Akukayikira

Ndatopa ndi mauthenga a zaumoyo olembedwa ngati aliyense wavomera kale. "Katemera ndi wabwino, bwerani ndi ana anu." Basi, uthenga wathera pomwepo. Kholo lokayikira likawerenga zimenezi limakumbuka chikomekome cha mkuyu, ndipo limayamba kufufuza nyerere zimene mwabisa.

Tengani nkhani ya poliyo. Mu 2022, mwana wina ku Lilongwe atapezeka ndi matendawa, alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo kudontheza katemera m'kamwa mwa ana osakwana zaka 5, ndipo anabwereza maulendo angapo. Funso la kholo apa n'lodziwikiratu: "Mwana wanga analandira kale, nanga mwabwereranji?" Wolemba wanzeru amayambira pomwepo: "Mwina mukudabwa kuti tabweranso. Katemera wa madonthoyu sagwira mwa mwana aliyense pa ulendo woyamba, makamaka mwana amene amatsegula m'mimba pafupipafupi. Ulendo uliwonse umaonjezera chitetezo, ndipo kubwereza sikuvulaza." Funso latchulidwa, chifukwa chaperekedwa, ndipo kholo silinanyozedwe.

Anzanga ena amati kutero n'kudzala maganizo oipa m'mitu ya anthu. Ine ndikukana. Mphekesera yoti katemera amatseka kubereka sidikira kapepala kanu. Inafika kale pachitsime, pachigayo ndi mumafoni. Mukakhala chete, mwasiya wofalitsa mphekeserayo kuti alankhule yekha. Izi si zongoganizira. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Carl Hovland ndi anzake anayesa mauthenga pa asilikali a ku America, n'kupeza kuti amene ankatsutsa poyamba ankatembenuka kwambiri akamva uthenga wotchula mbali zonse ziwiri. Mu 1961, William McGuire anasonyeza kuti munthu amene wamva kale chitsutso pamodzi ndi yankho lake sagwedezeka msanga akadzachimva kwina.

Komatu njirayi ili ndi malamulo ake. Tchulani chitsutso m'mawu enieni a eni ake, osati chofooka chimene mwadzipangira kuti muchigwetse mosavuta. Mukalemba kuti "ena osadziwa amati," mwatukwana munthu amene mukufuna kumukopa. Musatchule chitsutso n'kuchisiya chopanda yankho, chifukwa pamenepo mwangochilengeza ndi ndalama zanu. Ndipo pamene wotsutsa akunena zoona, vomerani. Katemera wina wobaya amatenthetsadi thupi tsiku limodzi kapena awiri. Mayi amene munamuuziratu amadikira mwana apole. Amene munamubisira, usiku umenewo amatsimikiza kuti a mphekesera aja ndiwo ankanena zoona, ndipo ulendo wotsatira mudzapeza chitseko chotseka.

Choncho musanalembe, khalani ndi mlangizi amene amagogoda pamakomo, akuuzeni mafunso atatu amene amamuvuta kwambiri. Funso lovutitsitsalo likhale ndime yanu yoyamba.