Nkhanza zogonana pantchito: Kodi wa ku Chisepo akadandaule kwa yani?

Mu Malichi 2021, bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC lidatulutsa lipoti la kafukufuku wake pa madandaulo a amayi ogwira ntchito ku nyumba youlutsira mawu ya boma ya MBC, omwe adati yemwe adali mkulu wa nyumbayo ankawachitira nkhanza zokhudza kugonana. Mwa zina, MHRC idadzudzula MBC chifukwa chosakhala ndi ndondomeko yothanirana ndi nkhanzazi.

Nkhaniyi idavumbula vuto lomwe limakula kwambiri pa malo aang'ono a ntchito, monga pa sukulu kapena pa chipatala chaching'ono ku Chisepo m'boma la Dowa: wochitiridwa nkhanza apite kuti ngati womulakwira ndi bwana wake yemwe?

Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi lidayala kale maziko. Gawo 6 likuti nkhanzazi ndi mchitidwe uliwonse wokhudza zogonana womwe wochitiridwayo sakuufuna, kaya ndi wa mawu, wa zizindikiro kapena wokhudza thupi, pomwe munthu woganiza bwino akadadziwa kuti mnzakeyo akhumudwa, anyazitsidwa kapena achita mantha. Wopezeka wolakwa chilango chake ndi chindapusa cha K1 miliyoni ndi kukhala kundende zaka zisanu.

Tanthauzoli ndi la kukhoti, choncho ndondomeko ya pantchito iyenera kulimasulira ndi zitsanzo, m'Chichewa. Itchule poyera kugwira munthu mabere kapena m'chiuno, kumutumizira zithunzi zolaula pa foni, kumufunsira mobwerezabwereza atakana kale, komanso kumulonjeza ntchito kapena kumukweza pa udindo akalola kugona naye. Ineneso kuti mwamuna naye atha kudandaula. Popanda zitsanzo, wolakwa amathawira ku mawu akuti "ndimangocheza", ngakhale lamulo silidalira pa zomwe iye ankalinga.

Pa za kadandaulidwe, gawo 7 likufuna kuti mkulu wa pamalo a ntchito asankhe munthu yemwe sali mu mndandanda wa mabwana a wodandaulayo, woti apereke uphungu mwachinsinsi. Apa ndi pomwe ndondomeko zambiri zimagwa, chifukwa zimangoti "kanenani kwa akuluakulu".

Tiyerekeze kuti mayi wokonza m'chipatala ku Chisepo akuvutitsidwa ndi yemwe amalemba ndandanda ya ntchito. Atamukana, wayamba kuikidwa ntchito ya usiku mowirikiza. Pamalo pa antchito ochepa chotere aliyense ali pansi pa bwana mmodzi, ndipo chinsinsi chimavuta kusunga. Ndondomeko yomveka iyenera kumupatsa makomo awiri: munthu wosankhidwa pamalopo, ndi wina wa ku ofesi ya zaumoyo ku Dowa, yemwe udindo wake ndi nambala yake ya foni zapachikidwa pakhoma. Imulole kudandaula pakamwa, wolandira dandaulo alembe, amuwerengere, kenako amupatse kope lokhala ndi deti.

Iyeneranso kutchula masiku. Lamulo likungoti madandaulo aunikidwe mwachangu, choncho ndi udindo wa wolemba ntchito kunena kuti wodandaula ayankhidwa pakatha masiku angati, ndipo kafukufuku atha liti. Apo ayi, fayilo imagona m'kabati mpaka mayiyo atatopa.

Pa chitetezo, gawo lomweli likuletsa kubwezera wodandaula, komanso likuteteza antchito ku mabodza owanamizira. Mfundo ziwirizi zikalembedwa mosasamala, yachiwiri imaopseza anthu. Ndondomeko ifotokoze kuti dandaulo lomwe lasowa umboni wokwanira si bodza. Wolangidwa akhale yekhayo amene wapeka nkhani mwadala. Itchulenso maonekedwe a kubwezera, monga kusamutsidwa mwadzidzidzi, kumanidwa tchuthi kapena kusinthiridwa ndandanda ngati mayi uja. Pamene kafukufuku ali mkati, wodandaulidwayo asakhalenso woyang'anira ntchito ya wodandaula, koma apatsidwe mpata woyankhapo.

Pali mfundo inanso yomwe antchito ambiri saidziwa. Lamuloli likuti wochitiridwa nkhanza sakakamizidwa kudikira kuti njira za pantchito zithe asanapite kupolisi kapena kukhoti. Ndondomeko yobisa ufuluwu ikuteteza ofesi osati wantchito.

Kunyalanyaza izi kuli ndi mtengo wake. Mu Febuluwale 2021, kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, idavomera kulipira mapaundi 2.3 miliyoni pa mlandu wa amayi 36 a m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi Thyolo, ngakhale sidavomere kulakwa.

Muyeso wa ndondomeko iliyonse ndi wapafupi. Wantchito wa pa udindo wotsikitsitsa afunsidwe kuti nkhanzazi ndi chiyani, angakanene kwa yani bwana atamulakwira, ndipo chingamuteteze n'chiyani akanena. Akalephera kuyankha, ndondomekoyo ilembedwenso.