Mukudula mutu, mukusiya chipewa

Sabata yatha mnzanga wina wa konkuno ku Mpingu ananditumizira chidule cha kafukufuku wake, chija timati abusitilakiti. Okonza msonkhano anati mawu asapitirire 250, iye anali ndi 410. Pofika madzulo anali atafika pa 250 ndendende, koma nditawerenga ndinapsa mtima. Anadulira kumunsi, komwe kunali zotsatira.

Kafukufukuyo ndi wa chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe pouswa. Iye anapeza kuti mtedza wowazidwa madzi unali ndi poizoni wa chuku wochuluka kuposa woswedwa uli wouma. Nkhani yake ndi imeneyo basi. Koma m'chidulemo inasowa. Munatsala ziganizo 6 zofotokoza kuti anthu ambiri m'Malawi amadalira ulimi, ndi kalonjezo kumapeto koti zotsatira zidzakambidwa pamsonkhano.

Abale, chidule si kwa apongozi koti uyambe ndi malonje aatali. Amene akuchiwerenga mwina ndi katswiri wa ku Chitedze apa kapena ku Bunda. Ukamuuza kuti mtedza ndi mbewu yofunika, wamuuza chiyani? Iye ali ndi mulu wa zidule ndipo akufuna chinthu chimodzi: unapeza chiyani, ndipo tikukhulupirire bwanji?

Ine ndimati osadula, yambanso. Tsegula tsamba lopanda kanthu, ulembe kaye chiganizo cha zomwe unapeza, chokhala ndi manambala ake enieni a mbali zonse ziwiri. Chimenecho sichikhudzidwanso. Kenako gawa mawuwo ngati ndalama za pamwezi: 100 zotsatira, 70 njira, 40 vuto ndi cholinga, 40 tanthauzo lake. Pa njira pakhale malo, nyengo, kuchuluka kwa masampulo ndi momwe unayezera poizoniyo. Dzina la makina ndi mbiri ya boma la Lilongwe zidikire tsiku la msonkhano.

Ena amati popanda chiyambi chachitali anthu sangaone kulemera kwa ntchito. Zoona, chiyambi chimafunika, koma ziganizo ziwiri zimakwana. Changa chomwe ndimaopa ndi kwina: podula umatha kuchotsa timawu tonena malire. Ukafufuta "m'midzi yomwe tinayendera", wanena za dziko lonse, zomwe sunayeze. Mawu 250 si chilolezo chonamira.

Ukamaliza, mpatse munthu wosadziwa ntchitoyo awerenge kamodzi, umulande foni, umufunse zomwe unapeza. Akayankha kuti "ndi za mtedza", wataya nkhani. Akati "kuwaza madzi kukuwonjezera poizoni", tumiza. Usaiwale kuona ngati mutu akuuwerengera pamawuwo.

Mnzanga uja anadandaula kuti ndamutayira ndime yomwe anailemba usiku wonse. Ndinamuuza kuti aisunge, idzagwira ntchito mu lipoti lalikulu. Chidule chatsopano chinathera pa 243.