ZA MALONDA NDI PAKHOMO: Kodi mbale imodzi imakudyerani ndalama zingati?



M'misika ya kuno kunyanja, kaya ndi ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota, mabanja ambiri a Chisilamu amadalira kalesitilanti kakang'ono. Mayi amadzuka isanakwane nthawi ya Fajr kukasonkha moto, bambo amathamangira kwa ogulitsa nyama ya halaal, masana anthu amadzaza pa mabenchi, ndipo madzulo m'kabokosi mumakhala ndalama. Koma mwezi ukatha mpamba umapezeka utachepa, ndipo pakhomo pamayamba kukayikirana. Nthawi zambiri sipakhala wakuba. Chimene chimachitika n'chakuti mtengo wa mbale unangotengedwa kwa woyandikana naye, popanda kuwerengera kuti mbaleyo imadya ndalama zingati isanafike pa tebulo. Lero tikambirana za pepala limene limayankha funso limeneli.

Pepalali silifuna zambiri: kope, rula, pensulo ndi sikelo. Chakudya chilichonse chimene mumagulitsa chikhale ndi tsamba lakelake. Pamwamba lembani dzina la chakudya, tsiku limene mwawerengera, ndi chiwerengero cha mbale zimene mphika umodzi umatulutsa. M'munsi jambulani mizere yotsika kuti pakhale malo a dzina la chinthu, kuchuluka kwa chimene chalowa mumphika, mtengo umene munagulira, ndi ndalama za chimene chalowa mumphikacho. Malo otsirizawa ndi amene amasokoneza anthu. Mukagula botolo la mafuta la lita imodzi koma mumphika mwalowa theka, mulembe ndalama za theka lokhalo.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mpunga ndi nyama ya mbuzi, mphika wa mbale 20. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongophunzitsira. Inu muikepo mitengo ya pamsika wa kwanu.

Mpunga, makilogalamu 4, pa K3,000 kilogalamu: K12,000
Nyama ya mbuzi, makilogalamu 3, pa K8,000 kilogalamu: K24,000
Mafuta ophikira, theka la lita, pa K6,000 lita: K3,000
Tomato, milu 3, pa K1,000 mulu: K3,000
Anyezi: K1,500
Mpiru, mitolo 4, pa K500 mtolo: K2,000
Mchere ndi zokometsera: K500
Zonse pamodzi: K46,000

Tikagawa K46,000 ndi mbale 20 tipeza K2,300 pa mbale. Apa ndi pamene ambiri amaimira, naganiza kuti akagulitsa mbale pa K3,000 ndiye kuti apindula K700. Koma mawerengero sanathe.

Choyamba, mphika wa mbale 20 sugulitsa mbale 20. Pansi pa mphika mpunga wina umapserera, wothandiza kuphika ayenera kudya, ndipo nthawi zina mbale yotsiriza imafika madzulo osagulidwa n'kupita kunyumba. Tiyerekeze kuti mbale zimene zimabweretsa ndalama ndi 18. Ndalama zonse za mphika ziyenera kubwezedwa ndi mbale 18 zimenezi. K46,000 kugawa ndi 18 ndi pafupifupi K2,560. Chiwerengero cha mbale zogulitsidwachi musachiganizire pamutu. Werengani kwa sabata yathunthu, muzilemba kamzere m'kope mbale iliyonse ikatuluka, kenaka mutenge chapakatikati.

Chachiwiri, pali ndalama zimene sizilowa mumphika koma zimatuluka tsiku ndi tsiku. Zimenezi zilembedwe pa tsamba limodzi kumapeto kwa kope, chifukwa ndi za zakudya zonse. Ngati lendi ndi K52,000 pa mwezi ndipo mumatsegula masiku 26, ndiye kuti ndi K2,000 pa tsiku. Malipiro a wothandiza, K130,000 pa mwezi, ndi K5,000 pa tsiku. Thumba la makala la K15,000 likamatha masiku 5, ndiye K3,000 pa tsiku. Madzi ndi sopo tiike K1,000, chiphaso cha msika ndi laisensi K1,000. Ndipo pali malipiro a mwini wake, amene ambiri amachita manyazi kuwalemba. Mayi amene waima pamoto kuyambira m'bandakucha wagwira ntchito, ndipo akanadwala mukanalemba munthu wina n'kumulipira. Timuikire K6,000 pa tsiku. Zonsezi pamodzi ndi K18,000. Ngati pa tsiku mumagulitsa mbale 40 za zakudya zonse, nsima ndi mpunga womwe, mbale iliyonse isenze K450.

Tsono mbale yathu ya mpunga ndi nyama yafika pa K2,560 kuphatikiza K450, zimene ndi K3,010. Wogulitsa pa K3,000 uja, amene ankaganiza kuti akupindula K700, akuluza K10 pa mbale iliyonse. Anthu akachuluka pa mabenchi iye amasangalala, koma ndalama za m'kabokosi ndi mpamba wake womwe umene ukungozungulira.

Nanga mtengo wogulitsira ukhale wotani? M'mahotela akuluakulu amatsata lamulo lakuti ndalama za zophikira zikhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa mbale. Tikatsata limenelo, mbale yathu ingagulitsidwe pa K7,700, ndipo palibe msodzi kapena wakabaza amene angakhale pansi. Lamuloli ndi la malo amene ali ndi lendi yaikulu ndi antchito ambiri, ndipo ine sindiona chifukwa choti mwini kalesitilanti ka pamsika avutike nalo. Kwa ife, K3,010 ndi mzere umene sitiyenera kutsika. Pamwamba pake tiyang'ane chimene anthu a m'dera lathu angakwanitse. Pa K3,500 phindu ndi K490 pa mbale. Pa K4,000 ndi K990. Mitengo yonse iwiri ilembedwe pansi pa tsamba pamodzi ndi phindu lake, kuti posankha muzisankha mukuona.

Tsopano tibwere pa nyama, chifukwa yokha yatenga zoposa theka la ndalama za mphika, ndipo ndi pamene phindu limathawira. Makilogalamu 3 aja adulidwe nthuli 60, kuti mbale iliyonse ilandire nthuli 3. Ndiye kuti nthuli imodzi ndi K400. Nambala imeneyi wopakula aliyense aidziwe ngati dzina lake. Kukabwera mnzake wa bambo, kapena kasitomala wodziwa kuseketsa, dzanja limapepuka ndipo mumbale mumagwera nthuli yachinayi. Ngati mbale ikugulitsidwa pa K3,500, nthuli imeneyo yadya K400 pa phindu la K490. Kupatsa ndi sadaka ndipo kuli ndi malipiro ake kwa Allah, koma kukhale kopatsa mukudziwa, ndi kulembedwa m'kope. Dulani nyama nokha kapena imani pomwepo ikamadulidwa, muwerenge nthuli zisanalowe mumphika. Kumbukiraninso kuti kilogalamu ya nyama yodzaza mafupa ndi mafuta situlutsa nthuli zofanana ndi kilogalamu ya mnofu. Yotsika mtengo ija ikatulutsa nthuli 15 zokha m'malo mwa 20, mwina ndiyo yodula.

Mpunga nawo uli ndi muyeso wake. Pa chitsanzo chathu mbale iliyonse ikutenga magalamu 200 a mpunga wosaphika, umene ukapsa umalemera kuwirikiza kawiri ndi theka kapena katatu. Pezani kambale kamodzi kamene kamadzaza ndendende muyeso umenewo, ndipo aliyense azipakulira komweko.

Pepalali likalembedwa bwino limakuuzani lokha pamene zinthu zalakwika. Madzulo yerekezani zinthu zitatu: mbale zimene mphika unayenera kutulutsa, timizere ta m'kope, ndi ndalama za m'kabokosi. Nyama ikatha mpunga ukadalipo, ndiye kuti nthuli zinadulidwa zazikulu kapena zikupakulidwa mopyola. Mpunga ukatha nyama ikadalipo, vuto ndi kapakulidwe ka mpunga kapena wopserera wachuluka. Mphika ndi timizere zikagwirizana koma ndalama n'kuperewera, funsani za odya pa ngongole. Ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikutilamula kulemba ngongole, ndipo mbale yodyedwa lero kuti idzalipiridwe pakutha pa mwezi ndi ngongole ndithu.

Ndanena kuti mulembe ndi pensulo chifukwa mitengo siikhalitsa. Amene anali pa malonda mu Novembala 2023, pamene mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti, akukumbukira mmene mafuta ophikira ndi zina zinakwerera m'masabata ochepa. Tiyerekeze kuti nyama yachoka pa K8,000 kufika pa K10,000. Mphika wathu wakwera ndi K6,000, imene pa mbale 18 ndi pafupifupi K330. Wogulitsa pa K3,500 watsala ndi phindu la pafupifupi K160. Apa satana amanong'oneza kuti chepetsani nthuli mwakachetechete, kapena ikani kambale kocheperako, kasitomala sadziwa. Surah Al-Mutaffifin, ya nambala 83, ikuchenjeza mwamphamvu anthu ochepetsa muyeso, ndipo sindikhulupirira kuti chenjezolo likuthera pa sikelo ya ogulitsa chimanga. Njira zoyera zilipo ziwiri: kukweza mtengo poyera, kapena kulemba pa bolodi mbale ziwiri, ya nthuli 3 ndi ya nthuli 2, iliyonse ndi mtengo wake. Wa ndalama zochepa asankhe yekha akudziwa chimene akugula.

Ophika chambo achite chimodzimodzi, koma tsamba lawo lizifufutidwa kawirikawiri. Nsomba zimagulidwa mowerenga osati pa sikelo, ndipo mwera ukawomba m'miyezi yozizira asodzi n'kulephera kulowa m'nyanja, mtengo umakwera m'mawa umodzi. Lembani ndalama zonse zimene mwalipira ku doko pamodzi ndi za ulendo, mugawe ndi chiwerengero cha zidutswa zimene zatuluka. Mutu, pakati ndi mchira sizikondedwa mofanana, choncho ngati michira imatsalira, musaiwerengere yonse ngati yogulitsidwa.

Mwezi wa Ramadhan ufuna tsamba lakelake. Masana makasitomala amachepa, koma lendi ndi malipiro sizichepa. Ngati mbale zatsika kuchoka pa 40 kufika pa 15, K18,000 ija ikugwera pa mbale 15, ndipo iliyonse ikusenza K1,200 m'malo mwa K450. Makala angachepeko pang'ono, komabe mbale yathu ya mpunga ikuyandikira K3,760, kupyola mtengo wa K3,500 uja. Mawerengero amenewa achitike mwezi wa Sha'ban usanathe, kuti banja likhale pansi ligwirizane ngati lidzatsegule madzulo okha n'kumagulitsa za futari, kapena lidzatseke ndi kusungiratu ndalama za lendi ya mweziwo.