Sukulu za kwacha: amafunsa ndani, amayankha ndani?

Pa 8 Sepitembala, tsiku lokumbukira kufunika kodziwa kulemba ndi kuwerenga, nkhani ya sukulu za kwacha kawirikawiri imathera pa kusowa kwa mabuku ndi kuchepa kwa malipiro a alangizi. Za kaphunzitsidwe sizimveka kwenikweni, chonsecho m'pamene pagona nkhani.

Katswiri wa maphunziro wa ku Brazil, Paulo Freire, anayerekeza kaphunzitsidwe kofala ndi banki: mphunzitsi amasungitsa mawu m'mutu mwa wophunzira, tsiku la mayeso n'kukawatapa. Mayi wa ana asanu, yemwe amawerengera yekha phindu la geni yake, amasanduka thumba lopanda kanthu. Freire ankati kaphunzitsidwe kotere kamazoloweretsa munthu kukhala chete.

Njira yake inayesedwa mu 1963 m'tauni ya Angicos, komwe anthu pafupifupi 300 anaphunzira kuwerenga m'maola 40. Alangizi ankayamba ndi kucheza ndi anthu, kutola mawu a tsiku ndi tsiku, n'kusankhapo osakwana 20.

Mumzinda wa Brasília, umene unali kumangidwa, mawu amodzi anali tijolo, kutanthauza njerwa. Mlangizi ankaonetsa chithunzi cha amisiri pantchito, gulu n'kukambirana: amawumba njerwa ndani, nanga nyumbayo amagonamo ndani? Kenako mawuwo ankawaduladula, ti-jo-lo, ndipo phatikizo lililonse linkabala abale ake: ta-te-ti-to-tu, ja-je-ji-jo-ju, la-le-li-lo-lu. Kuchokera apa wophunzira akhoza kulumikiza yekha lata, chitini, loja, sitolo, luta, kulimbana. Palibe amene wamulembera mawuwa pabolodi.

Panthawiyo munthu wosadziwa kuwerenga sankaloledwa kuvota ku Brazil, choncho kalasi iliyonse inkabala ovota atsopano. Asilikali atalanda boma mu 1964 anathetsa ntchitoyi n'kumutsekera Freire masiku pafupifupi 70.

Maganizowa anafika kuno kudzera mu njira ya REFLECT, imene bungwe la ActionAid linayamba kuiyesa mu 1993 ku Uganda, Bangladesh ndi El Salvador. M'malo mwa buku, ophunzira amajambula pansi mapu a mudzi wawo, mawu n'kuchokera m'mapuwo.

Komatu njirayi ili ndi malire. Imafuna mlangizi wodziwa kufunsa ndi kudikira, luso limene silibwera ndi maphunziro a masabata awiri. Nthawi zina zokambirana zimadya nthawi yonse, anthu n'kubwerera kwawo asanagwire cholembera. Vuto lobisika kwambiri ndi la mlangizi wofunsa ali ndi yankho kale m'thumba. Imeneyo ndi banki yomweyo, yangosintha malaya.

Woyendera sukuluzi angadziwe zoona mwa kuona zinthu zitatu: anasankha mawu a tsikulo ndani, amene akuyankhula nthawi yaitali ndani, ndiponso ngati makope akufanana. Makope 25 okhala ndi ziganizo zofanana ndendende ndi umboni wakuti anthu akopera, sanalembe.