Kalata yotseguka kwa Abusa a mpingo wathu: anthu 107 asowa m'lipoti

Abusa,

Ndine amene munandiika pakhomo pa holo tsiku la phwando la makwaya lopezera ndalama za malata a tchalitchi. Ntchito yanga inali imodzi: kuwerenga olowa. Ndinkalemba timizere m'kope, tinayi toimirira ndi kachisanu kopingasa, ndipo pamene kwaya yomaliza inkakwera kutsogolo ndinali nditawerenga akuluakulu 412.

Lamulungu lapitali msungichuma analengeza kuti anagulitsa matikiti 290 pa K2,000 iliyonse, ndalama zonse K580,000. Anthu anaomba m'manja, ine manja anandilemera.

Ndayesa kupeza chifukwa cha kusiyanaku. Oimba analowera khomo la kumbuyo, choncho m'kope mwanga mulibe. Ana sindinawawerenge. Otuluka kukagula mandasi tinkawadinda chidindo padzanja, ndipo pobwerera sindinkawalembanso. Alendo oitanidwa, amene sanalipire, anali 15. Tikawachotsa pa 412 patsala 397, tikachotsanso 290 patsala anthu 107, omwe ndi K214,000. Ngati kope langa simukulikhulupirira, werengani mabenchi: alipo 40, lililonse limakhala anthu 8, ndiye kuti 320. Onse anadzaza, ena anaimirira mpaka kukhoma, inu nomwe munaona muli kutsogolo kuja.

A komiti akuti buku la matikiti likugwirizana ndi ndalama. N'zoona, ndipo lingagwirizane ngakhale ndalama zitatayika. Pakhomo matikiti sankang'ambidwa. Ankalandiridwa athunthu n'kuponyedwa m'katoni, ndipo katoniyo inkatengedwa kupita kutebulo logulitsira, akuti kukasunga. Tikiti yobwerera kutebulo ikhoza kugulitsidwanso, m'buku osatsala chizindikiro chilichonse, chifukwa kachidutswa kotsalira m'buku n'kamodzi komweko. Tikiti ina inali ndi banga la mafuta pakona, nambala yake 173. Inadutsa pamaso panga cham'mawa ili ndi mayi wina, masana inabweranso ili m'manja mwa mnyamata, itakwinyika ngati yachokera m'thumba.

Sindikuloza munthu chala, Abusa, pakuti patebulo paja anthu ankasinthana ndipo sindinaone dzanja likulowa m'thumba. Koma nditapita ndi kope kwa wapampando wa komiti anandiuza kuti za ndalama si za achinyamata. Nanga munandiikiranji pakhomo?

Pempho langa ndi ili. Itanitsani katoni ija, buku ndi kope langa pamaso pa akulu a mpingo, komiti yonse ilipo. Ndipo pa phwando likubwerali tikiti izing'ambidwa pakati mwini wake akuona, theka atenge, theka lilowe m'bokosi lokhoma lomwe kiyi wake ali kwa munthu wosakhala patebulo. Ndalama ziwerengedwe tsiku lomwelo anthu asanabalalike.

Kope ndalisunga, mukalifuna nditumireni uthenga.

Ine mwana wanu mu mpingo,
Wowerenga pakhomo